Mwadina PrtSc koma chithunzi sichikuoneka: nayi njira yopezera pomwe chasokera

Dandaulo lake limakhala limodzimodzi: munthu wauzidwa kuti ajambule zonse zimene zikuoneka pa sikirini ya laputopu yake n'kutumiza, wadina batani la PrtSc kangapo konse, koma palibe chachitika. Ena amafika ponena kuti kiyibodi yafa, ena amangotenga foni n'kujambula sikirini, chithunzi n'kutuluka chokhota, chamizeremizere, zilembo zosawerengeka. Komatu nthawi zambiri batanilo limakhala lamoyo ndithu. Vuto ndi loti kuchokera pa chala chanu mpaka pa fayilo ya chithunzi pali mtunda, ndipo chithunzicho chingathe kuima pamalo atatu: pa kiyibodi penipeni, m'manja mwa pulogalamu imene yalandira batanilo, kapena pa foda imene chimayenera kusungidwa. Mukadziwa pamene chaima, kukonza kwake sikutenga nthawi.

Choyamba kudziwa n'chakuti batani la PrtSc likadinidwa palokha silinapangidwe kuti lizisunga fayilo. Ntchito yake yakalekale ndi kukopera chithunzi cha sikirini yonse n'kuchiika pa kilipibodi, malo aja osaoneka amene mawu amakhala mukawakopera ndi Ctrl + C. Sililira, silithwanima, silikuuzani kanthu. Kilipibodi ili ngati dzanja limodzi: ikanyamula chinthu chatsopano, chakale chija yachitaya. Ndiye ngati mwadina PrtSc, kenaka n'kukopera nambala ya foni musanamate chithunzicho penapake, chithunzi chapita. Mukazimitsa laputopu, chapitanso.

Choncho musanakayikire china chilichonse, yesani izi. Dinani PrtSc kamodzi. Tsegulani Paint (dinani batani la Windows, lembani paint, kenaka Enter). Dinani Ctrl + V. Chithunzi cha sikirini yanu chikatulukira, ndiye kuti panalibe vuto lililonse, munkangodikira chizindikiro chimene batanilo silipereka. Sungani ndi Ctrl + S, musankhe PNG. Mungathenso kumata mwachindunji mu Word, mu imelo, kapena mu WhatsApp wa pakompyuta. Ngati mukufuna kutsimikiza kuti mwajambuladi sikirini yonse, yang'anani pansi pa Paint pamene pamalembedwa kukula kwa chithunzi. Pa malaputopu ambiri akale pamaoneka 1366 × 768, pa atsopano 1920 × 1080. Nambala zikakhala zazing'ono kuposa za sikirini yanu, mwina chala china chinali pa Alt, chifukwa Alt + PrtSc imajambula windo imodzi yokha imene mukugwiritsa ntchito.

Ine ndimalangiza anthu kuti asamadalire PrtSc payekha. Gwirani batani la Windows, lija lokhala ndi timabokosi tinayi, osalisiya, kenaka dinani PrtSc. Sikirini imada pang'ono kwa kamphindi ngati kuphethira, ndipo chithunzi chimasungidwa chokha mu foda ya Screenshots imene ili m'kati mwa Pictures, dzina lake loyamba ndi mawu akuti Screenshot. Njira imeneyi inabwera ndi Windows 8 mu 2012 ndipo ikugwirabe ntchito mu Windows 10 ndi 11. Ubwino wake ndi woti chithunzicho chimapitanso pa kilipibodi, choncho muli ndi zonse ziwiri: fayilo yosungika, komanso chinthu choti mumate pompopompo.

Ngati Paint sinalandire kanthu

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo pa laputopu wolakwa woyamba kumukayikira ndi batani la Fn. Kiyibodi ya laputopu ndi yaying'ono, ndiye opanga amapatsa batani limodzi ntchito ziwiri. Weramani muyang'anitsitse batani lanulo. Ngati mawu akuti PrtSc, PrtScn kapena prt sc ali okha pa batanilo, ndiye kuti ndi lakelake. Koma ngati alembedwa timalemba tating'ono pansi pa mawu ena monga Insert, End kapena F10, kapena ali m'kabokosi, kapena ali a mtundu wofanana ndi wa mawu akuti Fn pakona ya kumanzere, ndiye kuti kujambula ndi ntchito yake yachiwiri. Mukalidina palokha likuchita ntchito yoyamba ija. Muyenera kugwira Fn kaye. Ndipo kuti chithunzi chisungike chokha, mabatani amakhala atatu: Windows + Fn + PrtSc.

Malo ake amasiyananso. Pa malaputopu ambiri lili mumzere wapamwamba chakumanja, pafupi ndi Delete. Pa ThinkPad zambiri lili pansi, pakati pa Alt ndi Ctrl za kumanja, malo amene munthu sangaganize n'komwe. Pa HP zina lili pa Shift ya kumanja, ndipo pamafunika Fn + Shift. Kwathu kuno, kumene ambiri timagula malaputopu a kaunjika ochokera kunja, pali chinanso: kiyibodi ingathe kukhala ya chinenero china. Pa ya ku Jeremani batanili limalembedwa Druck, pa ya ku Falansa Impr écran. Munthu amafufuza PrtSc mpaka kutopa, batanilo lili pompo.

Kuwonjezera apo pali loko wa Fn, amene amatembenuza zinthu: ntchito yachiwiri imasanduka yoyamba. Pa Dell ndi Lenovo zambiri lokoyu amatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi Fn + Esc, ndipo n'zosavuta kumudina mwangozi, makamaka ngati ana amaseweretsa laputopuyo. Ngati PrtSc yanu ili pa limodzi mwa mabatani a F1 mpaka F12 ndipo dzulo inkagwira ntchito popanda Fn koma lero yasiya, yambani mwayesa ndi Fn, kenaka dinani Fn + Esc muyesenso.

Pali njira yabwino yolekanitsira vuto la kiyibodi ndi vuto la Windows, ndipo ndimaikonda chifukwa imathetsa mkangano msanga. Dinani Windows + R, mulembe:

```
osk
```

Dinani Enter. Pa sikirini pabwera kiyibodi yodinidwa ndi mausi, ndipo chakumanja kwake kuli batani la PrtScn. Lidineni ndi mausi, mupite ku Paint, mudine Ctrl + V. Chithunzi chikabwera, Windows ili bwinobwino, vuto lili pa batani la pa laputopu: mwina Fn, mwina fumbi, mwina lafadi. Chikapanda kubwera ngakhale ndi kiyibodi ya pa sikiriniyi, musavutike n'kutsegula laputopu kapena kugula kiyibodi ina. Pali pulogalamu imene ikulanda batanilo.

Pamene batani lalandidwa

Wolanda woyamba ndi Windows 11 yeniyeniyo. Kuyambira mu 2023, Microsoft inasintha kuti PrtSc izitsegula Snipping Tool m'malo mongokopera mwakachetechete. Mukadina, sikirini imachita mdima n'kukhala choncho, pamwamba n'kubwera kamzere ka zizindikiro, kakudikira kuti musankhe chimene mukufuna kujambula. Anthu ena amaganiza kuti laputopu yauma. Ena amakoka mausi mosadziwa n'kujambula kachigawo kakang'ono. Ngati mukufuna sikirini yonse, pa kamzereko sankhani Full screen, ndipo chithunzi chijambulika nthawi yomweyo. Mukafuna kutulukamo osajambula, dinani Esc.

Ngati simukufuna kufunsidwa nthawi iliyonse, mungathe kubwezera khalidwe lakale. Tsegulani Settings ndi Windows + I, mupite ku Accessibility, kenaka Keyboard, muzimitse pamene palembedwa Use the Print screen key to open screen capture. Mawuwa amasinthasintha pang'ono malinga ndi nthawi imene Windows yanu inalandira zatsopano, choncho akapanda kufanana ndendende, ingolembani print screen m'bokosi lofufuzira la Settings, likutengerani pomwepo. Mu Windows 10 ziliponso, pansi pa Ease of Access kenaka Keyboard, kungoti kumeneko zimabwera zili zozimitsa. Mukasintha koma osaona kusiyana, zimitsani laputopu n'kuiyatsanso. Dziwaninso kuti Windows + PrtSc siikhudzidwa ndi zimenezi. Imajambula sikirini yonse osafunsa, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ndimaikondera.

Olanda ena ndi mapulogalamu ojambulira sikirini monga Lightshot, Greenshot, ShareX ndi Snagit. Si oipa ayi, anapangidwira zomwezo, koma akaikidwa amatenga PrtSc kukhala yawo. Pa laputopu imene inali ndi mwini wina mungathe kukhala nawo osadziwa. Yang'anani pakona ya kumanja pansi, pafupi ndi wotchi, mudine kamuvi koloza m'mwamba kuti muone timapulogalamu tobisika. Mukapeza kena ka mtundu umenewu, kadineni ndi batani la kumanja la mausi, musankhe Exit kapena Quit, muyesenso PrtSc. Ikagwira, mwapeza wolakwa. Kuti asabwerere mukayatsanso laputopu, tsegulani Task Manager ndi Ctrl + Shift + Esc, mupite pa Startup, mumuzimitse kumeneko, kapena mumupatse batani lina m'makonzedwe ake.

OneDrive ndi Dropbox nawonso amatha kulowerera. Sikuti amaletsa kujambula, koma amatenga chithunzicho n'kukachisunga kwawo. Zimenezi zikutifikitsa pa vuto limene limasowetsa anthu mtendere kwambiri.

Sikirini yaphethira, koma fayilo kulibe

Mwadina Windows + PrtSc, mwaona kuphethira kuja, mwapita ku Pictures, koma foda ya Screenshots kulibe, kapena ilipo koma muli zithunzi zakalekale zokha. Musafufuze foda ndi foda. Funsani Windows yeniyeniyo kuti ikuonetseni kumene ikuika zithunzi. Dinani Windows + R, mulembe:

```
shell:screenshots
```

Lamuloli limatsegula foda imene Windows ikuidziwa panopa ngati ya zithunzi za sikirini, kulikonse kumene ili. Ikatseguka, dinani pamzere wa pamwamba pamene palembedwa njira yake, muwerenge. Kawirikawiri mupeza kuti njirayo yadutsira mu OneDrive, chonchi:

```
C:\Users\dzina\OneDrive\Pictures\Screenshots
```

Izi zimachitika pamene munalola OneDrive kusunga mafoda anu, mwina tsiku limene munkayatsa laputopu koyamba n'kumangodina Next. Zikatero mumakhala ndi mafoda awiri a dzina la Pictures, ndipo inu mumayang'ana m'mene mulibe kanthu. Kwa amene amagwiritsa ntchito bando ya pa foni, palinso nkhani ya ndalama apa, chifukwa chithunzi chilichonse cholowa mu foda imeneyo chimakwezedwa pa intaneti. Ngati simukufuna, dinani kamtambo ka OneDrive pafupi ndi wotchi, mulowe mu Settings, pa Sync and backup, muzimitse posunga zithunzi za sikirini, ngakhale kuti zojambulidwa ndi Windows + PrtSc zizikwezedwabe ngati foda yonse ya Pictures ikusungidwa mu OneDrive. Koma chenjerani ndi kuimitsa foda yonse ya Pictures musanaone kuti zithunzi zanu zakale zatsala kuti, chifukwa zimene zinalowa kale mu OneDrive zimakhala komweko mpaka mutazisamutsa nokha.

Ngati lamulo lija latsegula malo achilendo kumene wina anasamutsira fodayo, dinani fodayo ndi batani la kumanja, musankhe Properties, kenaka Location, mudine Restore Default. Vuto la mtundu umenewu limabwera kawirikawiri pamene foda inalozedwa ku fulashi kapena ku hadidisiki yakunja imene panopa yachotsedwa. Onaninso ngati disiki ya C sinadzaze, chifukwa popanda malo fayilo siingasungike.

Zimachitikanso mosemphana: fayilo ikusungika bwinobwino koma sikirini siikuphethira, ndiye munthu amadina kakhumi poganiza kuti palibe chikuchitika, n'kudzapeza zithunzi khumi zofanana. Kuphethirako kumadalira makonzedwe a kayendedwe ka mawindo. Amene amakonza malaputopu akale amakonda kuzimitsa zimenezi kuti makina azithamanga, ndipo kuphethira kumapita nazo limodzi. Choncho musaweruze ndi maso okha, tsegulani foda muone.

Tione mmene zonsezi zimayendera pa nkhani imodzi

Tinene kuti mayi wina, mlembi pa sukulu ina, akudzaza fomu ya pa intaneti pa laputopu ya kaunjika ya Windows 10. Akadina kuti atumize, pakubwera uthenga wofiira. Wothandiza pa za makompyuta wawauza pa foni kuti, "Mayi, munditumizire chithunzi cha sikirini yonse, ndione adiresi ya pamwambayo ndi nthawi yomwe." Iwo adina batani lolembedwa prt sc, palibe chaoneka.

Poyamba atsegula Paint n'kudina Ctrl + V. Palibe chabwera. Apa tadziwa kuti si nkhani yongodikira chizindikiro, chithunzicho sichinafike n'komwe pa kilipibodi. Kenaka atsegula osk, adina PrtScn ndi mausi, amata mu Paint, ndipo chithunzi chatuluka, ngakhale kiyibodi ya pa sikiriniyo yaphimba theka la uthenga uja. Ndiye Windows ilibe mlandu, ndipo palibe pulogalamu yalanda batani. Atsala ndi kiyibodi. Atayang'anitsitsa, aona kuti batanilo lalembedwa insert pamwamba, ndipo prt sc ili pansi m'kabokosi, kabokosi kofanana ndi kamene kazungulira fn. Nthawi yonseyi ankadina Insert. Agwira fn, adina batanilo, amata mu Paint, chithunzi chabwera, pansi palembedwa 1366 × 768.

Tsopano akufuna fayilo yoti atumize. Abwerera ku fomu ija, aonetsetsa kuti uthenga wofiirawo ukuoneka, adina Windows + fn + prt sc. Sikirini yaphethira. Mu Pictures mulibe kanthu. Alemba shell:screenshots, ndipo foda yatseguka m'kati mwa OneDrive, chithunzi chili momwemo, dzina lake Screenshot (1). Mavuto anali awiri osiyana, lina pa kiyibodi, lina pa foda, ndipo akanathetsa loyamba lokha akanaganizabe kuti laputopu siikujambula. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti muziyesa chimodzichimodzi, motsatana, osati kudina mabatani osiyanasiyana mwachisawawa.

Asanatumize, pali chinthu chimodzi chimene ndikanawapempha: atsegule chithunzicho achiwerenge chonse. Sikirini yonse ndi yonse ndithu. Mayina a masamba ena otsegula pamwamba, uthenga wa WhatsApp umene unatulukira pakona, mayina a ophunzira, nambala ya akaunti, zonse zimalowa. Chosafunika achitseke kaye n'kujambulanso, kapena achiphimbe mu Paint ndi bokosi lakuda. Ndipo ngati akutumiza pa WhatsApp, atumize ngati Document, chifukwa akatumiza ngati chithunzi wamba chimafinyidwa, zilembo zing'onozing'ono n'kuyamba kuvuta kuwerenga.

Chithunzi chabwera, koma sichili mmene mumafunira

Zina mwa izi si zowonongeka, ndi malire a batanilo. Ngati mwalumikiza pulojekita kapena sikirini yachiwiri mwa njira ya Extend, PrtSc imajambula zonse ziwiri n'kuziika m'chithunzi chimodzi chachitali. Dulani mbali yosafunika mu Paint, kapena chotsani chingwe musanajambule. Kamuvi ka mausi sikaoneka m'chithunzi, choncho ngati mumafuna kuloza chinachake, jambulani mzere pambuyo pake. Tsamba la pa intaneti lalitali silijambulika lonse, koma gawo lokhalo limene likuoneka nthawi imeneyo.

Pamene pali filimu pakatuluka pakuda bii, monga zimachitikira pa Netflix, ndi chitetezo choikidwa dala ndi eni filimuyo, ndipo palibe batani limene lingachichotse. Chimodzimodzinso bokosi lija lofunsa ngati mukulola pulogalamu kusintha zinthu pa kompyuta, limene limadetsa sikirini yonse: Windows imaliika pamalo otetezedwa pamene PrtSc siifika. Apo pokha kujambula ndi foni n'koyenera. Pa malaputopu a kuntchito, a za makompyuta amatha kuletsa kujambula m'mapulogalamu ena mwadala, ndipo zikatero funsani iwowo m'malo mofuna njira yozembera.

Pali ngozi imodzi imene imaopsa anthu kwambiri pamene akuyesa mabatani osiyanasiyana. Mukadina Alt ya kumanzere, Shift ya kumanzere ndi PrtSc pamodzi, laputopu imalira, n'kufunsa ngati mukufuna High Contrast. Mukavomera mosawerenga, sikirini yonse imasanduka yakuda ndi zilembo zowala. Palibe chawonongeka. Dinaninso mabatani atatu omwewo, zonse zibwerera mwakale.

Kwa amene amajambula zithunzi zingapo motsatizana ndi PrtSc yokha n'kumangopeza chomaliza, dinani Windows + V muyatse Clipboard history. Ikayatsidwa imasunga zinthu zofika 25 zimene mwakopera, ndipo mungasankhe choti mumate. Komabe chinthu chimodzi chisapose 4 MB, ndipo mukazimitsa laputopu zimafufutika kupatula zimene mwazikhomera dala, choncho pa ntchito yofunika Windows + PrtSc ndiyo yodalirika.

Ngati PrtSc yokha ikugwira koma Windows + PrtSc ikukana, dinani batani la Windows palokha muone ngati Start ikutseguka. Malaputopu ena, makamaka opangidwira magemu, ali ndi loko wa batani la Windows, kawirikawiri pa Fn + Windows, woti osewera asatuluke m'gemu mwangozi.

Batani likakhala kuti lafadi

Ngati osk ikujambula, mwayesa ndi Fn, mwatembenuza loko wa Fn, koma batanilo lili zii, lumikizani kiyibodi ya USB yobwereka muyese PrtSc yake. Ikagwira, mwatsimikiza kuti vuto ndi batani la laputopu. Zimitsani laputopu, muitembenuze, muigwedeze pang'ono, muyeretse m'mbali mwa batanilo ndi kaburashi kouma. Musalikanganule ndi mpeni, timapulasitiki ta pansi pake timathyoka msanga ndipo n'tovuta kupeza. Ngati mabatani ena oyandikana nalo nawonso afa, kawirikawiri ndi madzi kapena tiyi amene anatayikira, kapena kachingwe ka kiyibodi m'kati kamasuka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amisiri.

Koma ngati lafa ndi limodzi lokhali, ine sindingakulangizeni kusinthitsa kiyibodi yonse. Windows + Shift + S imatsegula kamzere kaja kojambulira mu Windows 10 ndi 11 popanda kukhudza PrtSc, ndipo mukasankha chizindikiro cha sikirini yonse mupeza chithunzi chomwecho. Mu Windows 10 chimapita pa kilipibodi pokha, ndiye dinani uthenga umene ukutulukira pakona kuti muchisunge, pamene mu Windows 11 yamakono Snipping Tool imachisunga yokha mu foda ya Screenshots. Pa makina ena amene anapangidwa opanda PrtSc, monga Surface zina, Fn + Windows + Space ndiyo imagwira ntchito imeneyi, choncho iyeseninso pa laputopu yanu musanapite kwa amisiri.